Mmene mungaikire malire pa nkhani zoipa za pafoni popanda kuphonya uthenga wa kumudzi

Anthu ambiri amene foni imawasowetsa tulo amadziwa kale kuti ikuwapweteka. Chimene chimawalepheretsa kuisiya pambali ndi mantha akuti mwina usiku womwewo kubwera uthenga wa matenda kapena wa maliro iwo osaumva. Choncho amagona nayo kumutu, ikalira amaitenga, ndipo pofuna kuona ngati ndi achemwali akumudzi amapezeka kuti aonera vidiyo ya ngozi ya minibasi, awerenga za kukwera kwa mtengo wa shuga, atsatira mkangano wa ndale, mpaka tambala woyamba kulira. Malangizo ali m'munsimu ndi otsekera nkhani zoipa zimene sizitha, kwinaku mukusiya khomo limodzi lotsegula loti achibale akupezeni pakagwa zadzidzidzi. Khomo limeneli likapanda kukonzedwa, malire ena onse amagwa sabata isanathe.

Tiyambe ndi chimene chimachitika m'thupi, chifukwa mukachimvetsa masitepe enawo amamveka okha. Maso akaona chithunzi cha magazi kapena mawu oopsa, ubongo sudikira kufunsa ngati zachitikira ku Ndirande kapena kutsidya la nyanja. Umatumiza chenjezo, thupi n'kutulutsa adirenalini ndi kotizolo, timadzi tokonzekeretsa munthu kuthawa kapena kumenyana. Mtima umathamanga, mpweya umafupika, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imakungika. Pangozi yeniyeni zimenezi zimathandiza, ndipo zimatha ngoziyo ikadutsa. Pafoni ngozi sidutsa, chifukwa pansi pa nkhani ina pali inanso. Njira yoti tsamba lizingodzidzaza lokha chala chikamayenda inapangidwa mu 2006 ndi Aza Raskin, yemwe pambuyo pake ananena poyera kuti amanong'oneza nayo bondo. Kale tsamba linkatha, munthu n'kusankha kupitiriza kapena kusiya. Lero malo osankhirawo anachotsedwa, ndiye muyenera kuwabwezeretsa nokha.

Pali kafukufuku mmodzi amene ndimafuna aliyense atamudziwa. Mabomba ataphulika pa mpikisano wothamanga mumzinda wa Boston ku America mu Epulo 2013, akatswiri a payunivesite ya California ku Irvine anafunsa anthu oposa 4,600. Anapeza kuti amene ankatsatira nkhaniyo pa TV, pawailesi ndi pa intaneti kwa maola 6 kapena kuposerapo patsiku anali ndi zizindikiro zambiri za kupanikizika maganizo kuposa ngakhale anthu amene ngoziyo inawakhudza mwachindunji. Munthu amene anali pamalopo anaona kamodzi, koma woonera pafoni amaona kambirimbiri. Komanso zimazungulira: nkhawa imakukankhirani kukafuna nkhani zina, nkhanizo n'kuwonjezera nkhawa. Amene anatsatira mavidiyo a matope a ku Chilobwe nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa mmene kuzungulira kumeneku kumamvekera m'chifuwa.

Sitepe yoyamba: yezani kaye kwa masiku atatu

Musasinthe chilichonse poyamba. Pafoni ya Android, kaya ndi Tecno, itel, Infinix kapena Samsung, lowani mu Settings, mufufuze Digital Wellbeing & parental controls. Pa iPhone dzina lake ndi Screen Time. Mupezamo maola amene mwakhala pafoni, pulogalamu imene yadya nthawi yambiri, ndi kangati mwatsegula foniyo. Mafoni ena otsika mtengo alibe zimenezi, ndiye onani mu Battery, pamene pamaonetsa mapulogalamu amene akudya batire kwambiri, kapena ingolembani pakapepala nthawi imene mwayamba ndi imene mwasiya.

Chimene mukufuna si kuchuluka kwa maola kokha. Munthu wogulitsa malonda pa WhatsApp angathe kukhala maola 5 pafoni koma ambiri mwa iwo ndi a ntchito. Funsani kuti ndi nthawi iti ya tsiku imene mumalowa popanda chimene mukufuna, ndipo mumatuluka mukumva bwanji. Kwa ambiri nthawi zake ndi ziwiri: mphindi zoyamba mukangodzuka, ndi ola lomaliza musanagone. Madzulo alionse lembaninso mawu amodzi okha ofotokoza thupi lanu, monga mutu, kutopa, phuma kapena bwino. Kapepala kameneka mudzakafuna pakatha masabata awiri.

Sitepe yachiwiri: siyanitsani nkhani yofuna kuti muchitepo kanthu ndi nkhani yongokuwawitsani mtima

Sindikukuuzani kuti mukhale mbuli. Chenjezo la mvula yamphamvu lochokera ku nthambi yoona zanyengo limapulumutsa moyo ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wabizinesi aliyense anayenera kumva tsiku lomwelo kuti aonenso mitengo yake. Kudziwa malo amene kwafika mafuta kumapulumutsa tsiku lonse la wakabaza wa njinga yamoto. Nkhani zotere zili ndi chizindikiro chimodzi: mukazimva pali chochita, ndipo mukachichita nkhaniyo yatha ntchito.

Nkhani ina ilibe chochita. Vidiyo ya wakuba akumenyedwa mumzinda umene simunafikeko, zithunzi za mitembo pangozi, ndemanga 400 za anthu otukwanana pa nkhani ya chipani. Mukaonera kachitatu simudziwa zambiri kuposa pamene munaonera koyamba, koma thupi lalipira katatu. Musanatsegule, dzifunseni funso limodzi: kodi ndikaona zimenezi, mawa ndichita chiyani chosiyana? Ngati yankho ndi lakuti palibe, mutu wa nkhaniwo wakwana.

Kenako sankhani nthawi ziwiri patsiku zomvera nkhani, iliyonse ya mphindi 15 kapena 20. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapereka malangizo ofanana ndi amenewa mu Malichi 2020, Covid-19 itangoyamba kufala: kumva nkhani kamodzi kapena kawiri patsiku, pa nthawi yoikika, kuchokera kumalo odalirika. Nthawi yoyamba ikhale mutasamba kale ndi kumwa tiyi, osati muli pabedi. Yachiwiri ikhale chakumadzulo, pasanathe chakudya chausiku, kuti pakhale maola awiri pakati pa nkhani yomaliza ndi tulo.

Pa nthawi ziwirizi ndimalimbikitsa wailesi kuposa foni, kaya ndi MBC, Zodiak, Times kapena wailesi ya m'dera lanu. Nkhani za pawailesi zili ngati mbale ya nsima: ikatha mumasamba m'manja n'kunyamuka. Zadutsanso m'manja mwa mkonzi, ndipo sizikuonetsani magazi. Ngati muli ku Joni kapena ku Ulaya ndipo nkhani zakumudzi mumazipeza pa intaneti pokha, lowani mwachindunji patsamba la nyuzipepala imodzi kapena ziwiri zimene mumazikhulupirira, muwerenge, mutseke. Musadutsire pa Facebook, chifukwa kumeneko nkhani imodzi imabwera ndi anzake makumi awiri amene simunawaitane.

Sitepe yachitatu: magulu a pa WhatsApp

Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu kwa ife, ndipo ndi pamene malangizo ochokera kunja samafikapo. Munthu mmodzi amakhala m'gulu la banja la kuchimuna, la kuchikazi, la mpingo, la kwaya, la banki mkhonde, la anzake a kusekondale, la makolo a kusukulu ya ana, la m'dera, ndi lina la nkhani limene sakumbukira n'komwe kuti anamulowetsa ndani. Vidiyo imodzi yoopsa imamufika kasanu kudzera m'makomo osiyana. Ndipo kutuluka m'gulu la banja si nkhani yaing'ono, kumaoneka ngati mwano.

Tengani pepala, mulembe magulu onse, muwagawe patatu. Oyamba ndi amene amabweretsa chakudya kapena udindo: la ntchito, la makasitomala, la banki mkhonde. Amenewa asiyeni mmene alili masana. Achiwiri ndi amene simungatulukemo koma safuna yankho la msangamsanga: banja, mpingo, anzanu akale. Achitatu ndi a nkhani, ndale ndi zotumizirana basi.

M'magulu achitatuwa tulukani lero. Kuyambira 2022 WhatsApp silengezanso kwa gulu lonse kuti mwatuluka, imadziwitsa maadimini okha, ngakhale wofufuza angathe kuona dzina lanu pamndandanda wa amene anatuluka posachedwa. Kuti asakulowetseninso mwachisawawa, pitani ku Settings, Privacy, Groups, musankhe My contacts kapena My contacts except… n'kuchonga anthu amene amakonda kukuponyani m'magulu. Akafuna kukulowetsani, adzayenera kukutumizirani pempho.

Magulu achiwiri aletseni kulira. Dinani dzina la gululo, mupeze Mute notifications, musankhe Always, osati 8 hours kapena 1 week, chifukwa zimenezo zimatha inu mutaiwala. Kenako likanikizeni gululo pamndandanda, muliike mu Archive, ndipo mu Settings, Chats, muonetsetse kuti Keep chats archived yayatsidwa, kuti lisamatulukemo uthenga watsopano ukabwera. Wina akakutchulani dzina kapena kuyankha uthenga wanu mwachindunji, mudziwitsidwabe, ndiye simunataye kanthu. Maguluwa muziwatsegula pa nthawi ziwiri zija.

Chachitatu, ndipo ichi chimapulumutsanso bandulo yanu: pitani ku Settings, Storage and data, pansi pa Media auto-download, muchotse zochonga zonse pa When using mobile data ndi pa When connected on Wi-Fi. Zikatero chithunzi kapena vidiyo imafika yosaoneka bwino mpaka inuyo mutaidina. Kamphindi kameneko kakudina ndi kamtengo wapatali, chifukwa ndi pamene mumasankha. Mukaona pamwamba pa uthenga palembedwa Forwarded many times, dziwani kuti wadutsa m'manja mwambiri ndipo amene wakutumizirani sadziwa kumene unayambira. Mauthenga a mawu onena kuti "ndili ndi m'bale wanga wogwira ntchito ku boma wandiuza kuti" ambiri amayenda ndi chizindikiro chimenechi.

Kwatsala chovuta: kulankhula ndi anthu. M'banja lililonse muli munthu mmodzi kapena awiri amene amatumiza zambiri, ndipo kawirikawiri ndi wamkulu amene amachita zimenezi chifukwa chokukondani, akufuna kukuchenjezani. Musamudzudzule pagulu. Mulembereni payekha kapena muimbireni, mwachitsanzo motere: "Amalume, zikomo chifukwa mumatikumbukira ndi nkhani. Koma ine masiku ano zithunzi za ngozi zikumandisowetsa tulo, ndiye ndikupempha kuti zoterozo muzingondiuza ndi mawu. Pakakhala vuto kumudzi, chonde ndiimbireni nthawi ina iliyonse, ngakhale pakati pa usiku." Mawu omalizawo ndi ofunika kwambiri, chifukwa amasonyeza kuti simukuthawa udindo wa pachibale. Ngati ndinu adimini, pemphani gulu ligwirizane kuti zithunzi za ovulala ndi omwalira zisatumizidwe. Pali mabanja amene amva za imfa ya mwana wawo kudzera pachithunzi cha pagulu, mwambo wokawauza usanachitike, ndipo palibe amene angafune zimenezi zitamuchitikira.

Sitepe yachinayi: tsegulani khomo la zadzidzidzi

Sankhani anthu osapitirira asanu kapena asanu ndi mmodzi amene uthenga weniweni ungadzere mwa iwo: mayi, mwamuna kapena mkazi wanu, mwana amene ali kusukulu yogonera komweko, m'bale amene amasamala makolo kumudzi. Mu Contacts, dinani kanyenyezi pa dzina la aliyense. Kenako mu Settings fufuzani Do Not Disturb, muike kuti iziyaka yokha kuyambira 9 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo pa anthu ololedwa kukuimbirani musankhe Starred contacts, kapena Favourites pa iPhone. Yatsaninso Repeat callers, kuti munthu amene waimba kawiri motsatizana, ngakhale ndi nambala yachilendo ya kuchipatala, adutse.

Musangokhulupirira kuti zatheka. Usiku woyamba pemphani mmodzi wa anthuwo akuimbireni muone ngati foni ilira. Auzeni onse momveka kuti usiku deta imakhala yozimitsa, ndiye pa zadzidzidzi aimbe foni wamba kapena angofulasha kawiri, inu muwaimbira. Ngati achibale anu ali kunja ndipo amaimba pa WhatsApp pokha, nkhani imasintha pang'ono: deta iyenera kukhala yoyaka, ndipo mafoni ena amatsekereza kuimba kwa pa WhatsApp nthawi ya Do Not Disturb. Zikatero lolani WhatsApp pamndandanda wa mapulogalamu oloredwa, popeza magulu aja mwawaletsa kale kulira, ndipo muyesenso ndi munthu weniweni. Amene ali ndi kafoni kakale ka mabatani m'kabati ali ndi njira yapafupi koposa: simu ya banja ilowe m'kafoniko usiku, foni yaikulu igone kwina.

Sitepe yachisanu: usiku

Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo usiku ndi pamene mphamvu yodziletsa imakhala itatheratu. Musadalire kulimba mtima pa 11 koloko. Dalirani mtunda. Foni igone pamalo oti kuitenga kufune kudzuka ndi kuponda pansi: pabalaza, kapena ngati nyumba ndi ya chipinda chimodzi, m'chikwama chopachika kukhomo. Ilira mokwanira kuti muimve wina wa anthu asanu aja akaimba, ndipo alamu imalira ngakhale deta ili yozimitsa.

Zifukwa zoibweretsera pafupi ndi zodziwika. Magetsi abwera usiku ndipo soketi ili kumutu kwa bedi: tchajani, koma foni iyang'ane pansi, deta yozimitsa, kapena gulani chingwe chowonjezera kuti ifike patali. Foni ndiyo tochi yopitira kuchimbudzi: katochi ka mabatire n'kotchipa poyerekeza ndi tulo. Ndiye pali mabandulo a usiku, amene amatsika mtengo ndipo amatha kukacha. Munthu akagula amamva kuti akagona waluza ndalama, choncho amakhala maso kuti aimalize. Ngati mukufunadi kukopera zinthu zazikulu, monga maphunziro, yambitsani kukoperako, muisiye foni patali izichita yokha.

M'malo mwa foni payenera kulowa chinthu china, apo ayi manja adzaifunafuna. Ena amawerenga Baibulo kapena Korani ya papepala, ena amasita zovala za mawa, ena amamvera wailesi motsitsa, ena amangocheza ndi a m'nyumba. Chilichonse chimene chili ndi mathero chikwanira.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: Facebook ndi TikTok

Mapulogalamu amenewa amaona chimene mwaimapo nthawi yaitali ndi chimene mwayankha, n'kukubweretserani zofanana nazo. Sasiyanitsa ngati munaima chifukwa chokondwa kapena chokwiya. Mukayankha munthu amene wakupsetsani mtima, mwaitanitsa ena a mtundu wake. Pa Facebook dinani timadontho titatu pamwamba pa nkhaniyo, musankhe Snooze kuti munthuyo kapena tsambalo lisaoneke kwa masiku 30, kapena Unfollow kuti lisaonekenso. Ubwenzi wanu sutha ndipo mwiniwake sauzidwa. Pa TikTok kanikizani vidiyoyo, musankhe Not interested. Mu Settings ya Facebook fufuzani mawu akuti Autoplay, muzimitse, kuti mavidiyo asamayambe okha.

Kenako ikani malire a nthawi. Mu Digital Wellbeing muli App timers, pa iPhone ndi App Limits. Mu 2018 akatswiri a payunivesite ya Pennsylvania anayesa ophunzira 143, ena mwa iwo n'kuwapempha kuti asapitirire mphindi 10 patsiku pa iliyonse ya Facebook, Instagram ndi Snapchat. Patatha masabata atatu, amenewo anali ndi kusungulumwa ndi kukhumudwa kocheperapo poyerekeza ndi anzawo. Anali achinyamata a ku America, ndipo mphindi 30 si lamulo la aliyense, koma zikusonyeza kuti kuchepetsa kokha, popanda kusiyiratu, kumasintha kanthu m'masabata ochepa. Ngati kuyeza kwanu kunaonetsa maola atatu, musadumphire pa mphindi 30. Yambani ndi ola limodzi ndi theka, sabata yotsatira ola limodzi. Malire okhwima kwambiri amachotsedwa tsiku lachiwiri.

Dziwaninso kuti pa Android nthawi imeneyi imayambiranso 12 koloko usiku. Munthu amene watsekeredwa 10 koloko akakhalabe maso mpaka pakati pa usiku, amapeza khomo latseguka. N'chifukwa chake sitepe ya mtunda ija singalowedwe m'malo ndi batani lililonse.

Chitsanzo chimodzi, kuyambira poyeza mpaka pamapeto

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, amuna ake ali ku Joni, amayi ake okalamba ali ku Thyolo. Atayeza masiku atatu wapeza maola 5 patsiku: awiri ndi theka pa WhatsApp, awiri pa Facebook, otsalawo pa kuimba ndi kutumiza ndalama. Pa WhatsApp, pafupifupi ola limodzi ndi la makasitomala, ndipo limenelo salikhudza. Vuto lili pakati pa 9 koloko ndi 12 koloko usiku, pamene amadikira uthenga wa bambo, n'kumafufuza nkhani za kuzunzidwa kwa alendo ku South Africa. Akaona vidiyo ya chipwirikiti, sadziwa ngati ndi ya lero kapena ya 2019, ndipo bambo akachedwa kuyankha mtima umakhala m'mwamba mpaka m'bandakucha.

Ali m'magulu 14. Watuluka mu 5 a nkhani ndi zotumizirana, waika 6 mu Archive, wasiya 3 a malonda ndi banki mkhonde. Koma chimene chasintha zinthu kwambiri si batani. Wagwirizana ndi amuna ake kuti azilankhulana 8 koloko madzulo alionse, ndipo ngati iwo ali pantchito angotumiza mawu awiri akuti "ndili bwino". Agwirizananso kuti kukachitika chipwirikiti m'dera limene bamboyo akukhala, iwo ndiwo amuuze, osati Facebook, ndipo ali ndi nambala ya mnzawo wokhala naye nyumba imodzi ngati foni yawo siikupezeka. Nkhawa yake inali ndi chifukwa chenicheni, ndiye inafunika yankho lenileni, osati kungouzidwa kuti asiye foni. Pa kanyenyezi waikapo anthu anayi: bambo, amayi, achimwene ake a ku Thyolo ndi mwana wake wamkulu. Foni imagona m'beseni la zovala pafupi ndi khomo, deta yoyaka chifukwa cha bambo, Facebook itatsekedwa ndi malire a ola limodzi.

Masiku atatu kapena anayi oyamba amakhala ovuta, ndipo mayiyu ayembekezere zimenezo: dzanja kupita lokha kumutu kwa bedi, maganizo akuti mwina kwachitika kanthu. Zimenezi si chizindikiro chakuti njirayi yalephera. Pakatha masabata awiri, abwerere ku kapepala kaja. Ngati akugona msanga, akudzuka usiku kamodzi m'malo mwa katatu, ndipo mawu akuti mutu ndi phuma achepa, apitirize. Ngati maola a Facebook atsika koma a TikTok kapena YouTube akwera, vuto langosamuka, ndipo malire ayenera kuikidwa pa onse pamodzi.

Masiku a tsoka lalikulu

Pali masiku amene dongosolo lonseli limagwedezeka, ndipo n'zomveka. Pa 10 Juni 2024, ndege imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu itasowa, anthu ambiri sanagone, ndipo mphekesera zinayenda usiku wonse mpaka tsiku lotsatira pamene zinalengezedwa kuti yapezeka m'nkhalango ya Chikangawa. Masiku odikira zotsatira za chisankho amakhalanso otero. Pa masiku otere musadzikakamize kumva kawiri kokha. Onjezerani, koma mwadongosolo: mphindi 10 pakatha maola awiri alionse, pawailesi kapena pamalo amodzi odalirika, makamaka muli ndi anthu ena osati nokha m'chipinda. Pewani mavidiyo, ndipo musatumize chimene simunatsimikize. Nkhani yaikulu yeniyeni sidzakuphonyani, oyandikana nawo nyumba adzakuuzani.

Chosiyana ndi pamene ngoziyo ili pakhomo panu, monga mtsinje ukusefukira kapena mwachenjezedwa kuti musamuke. Pamenepo foni ikhale yoyaka, yotchaja, pafupi, ndipo muzitsatira malangizo a aboma ndi a mafumu. Malire amabwerera madzi akaphwa. Ana nawonso muwaganizire: mwana wa zaka 7 amene akusuzumira paphewa panu amaona vidiyo yomweyo, ndipo akaiona kawiri angaganize kuti zachitika kawiri.

Pamene malire a foni sakukwanira

Nthawi zina foni si gwero, ndi pobisalira. Munthu amene ali ndi ngongole ya katapila, banja losokonekera kapena chisoni cha imfa amayendetsa chala pafoni kuti asaganize, ndipo akaichotsa maganizowo amabwera onse nthawi imodzi. Mudziwa kuti zili choncho ngati mwatsatira masitepewa kwa masabata awiri kapena atatu koma tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, ntchito ikukukanikani, mtima ukugunda mwadzidzidzi ngati mukufa, kapena zithunzi zimene munaona zikumabwerera m'maloto ndi masana omwe. Kupweteka kwa pachifuwa ndi kubanika musangoti ndi nkhawa, kayezetseni, chifukwa matenda a mtima angayambenso chimodzimodzi.

Zikafika apa pitani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu mukapemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Kulinso chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Tengani kapepala kanu ka maola ndi zizindikiro kaja, chifukwa kamathandiza wachipatala kuona kuti zinayamba liti ndipo zikukula bwanji. Ngati mwayamba kuganiza zodzipha kapena zodzivulaza, musadikire masabata awiri: uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira lero lomwe, mumupemphe akhale nanu ndi kukuperekezani kuchipatala.